Kumanga ndi Kumasula Mitolo: Pepala Lothandiza Mwana Kumvetsa Mahandiredi, Mateni ndi Mawani

Mwana wa Sitandade 3 akapatsidwa samu ya 403 kuchotsera 157 n'kulemba yankho la 354, ambiri timangothetha n'kunena kuti sanaikepo mtima. Koma liyang'anitsitseni yankholo. Mwanayo wawerengera ndithu, ndipo m'njira imene iye akuidziwa sanaphonye pena paliponse. Waona 3 ndi 7, wachotsa yaing'ono pa yaikulu, wapeza 4. Waona 0 ndi 5, wapeza 5. Waona 4 ndi 1, wapeza 3. Kwa iye 403 si nambala imodzi ayi, koma timanambala titatu tongokhala moyandikana, kalikonse payekhapayekha. Mwana wotereyu mukamupatsa masamu ena 50 a mtundu womwewu kuti ayeserere, adzalakwa onse mofanana, ndipo dzanja lake lidzazolowera kulakwako.

Chimene chikusowa mwa iye ndi kumvetsa kuti m'kalembedwe kathu ka manambala, malo ndi amene amapatsa chizindikiro mtengo wake. Tili ndi zizindikiro khumi zokha, kuyambira 0 mpaka 9. Chizindikiro cha 4 chikakhala kumapeto kwa nambala chimaimira zinthu zinayi, chikasunthira kumanzere kamodzi chimaimira makumi anayi, chikasunthanso chimaimira mazana anayi. M'kalasi malo atatuwa amatchedwa mawani, mateni ndi mahandiredi, ndipo m'mabuku ambiri pamwamba pa madanga ake pamalembedwa H, T ndi O. Njirayi inakhwimira ku India, kumene katswiri wina dzina lake Brahmagupta analemba malamulo owerengera ndi ziro m'chaka cha 628. Inadutsa mwa akatswiri olemba m'Chiarabu, ndipo ku Ulaya inafalitsidwa kwambiri ndi buku la Fibonacci la m'chaka cha 1202. Amalonda a kumeneko anatenga zaka mazanamazana kuti aizolowere. Tisadabwe mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akamavutika nayo kwa teremu imodzi.

Mapepala a ntchito amene ana amapatsidwa pa mutuwu kawirikawiri amafunsa funso limodzi lobwerezabwereza: mu 572 muli mahandiredi angati, mateni angati, mawani angati? Mwana wochenjera amazindikira msanga kuti palibe choganizira, n'kungokopera 5, 7 ndi 2 m'madanga atatu motsatana. Amakhoza zonse, mphunzitsi amachonga, kholo limakondwa, pomwe mwanayo sanamvetse kanthu. Ine ndimakhulupirira kuti pepala labwino pa mutuwu liyenera kukhala ndi mafunso ochepa, limuchititse mwana kugwira zinthu ndi manja, ndiponso limukakamize kunena ndi pakamwa chimene wachita. Ndifotokoza pepala limodzi lotere, limene kholo lingajambule kuseri kwa kalendala yakale, kapena mphunzitsi angalembe pa bolodi ana n'kukopera m'makope.

Musanalembe kalikonse, yambani mwayeza pamene mwanayo ali. Pali kayezedwe kachidule kamene kanatchuka ndi Constance Kamii, katswiri wofufuza mmene ana aang'ono amaphunzirira masamu. Ikani nyemba 16 pamphasa, mwana aziwerenge ndipo alembe yekha nambala 16. Lozani 6 n'kumuuza kuti akuonetseni nyemba zimene chizindikirocho chikuimira. Pafupifupi aliyense amapatula nyemba zisanu ndi imodzi. Kenako lozani 1 n'kufunsa chimodzimodzi. Ana ambiri amatola nyemba imodzi yokha, ndipo nyemba zisanu ndi zinayi zimatsala pambali popanda mwini, iwo osadabwa nazo konse. Mwana amene wakoka nyemba khumi zonse ndi wokonzeka kupita ku mahandiredi. Amene watola imodzi akhalebe kaye pa mateni ndi mawani, ngakhale atakhala kuti amatha kuwerenga pamtima mpaka 200. Kuwerenga pamtima ndi luso lina, kumvetsa mtengo wa malo ndi lina.

Mitolo isanafike papepala

Zipangizo zake sizogula. Dulani udzu wouma wokhuthala, kapena timabango, kapena timitengo towongoka, kutalika ngati chala cha munthu wamkulu. Pezaninso mphira zodula ku chubu chakale cha njinga, kapena ulusi wa thumba. Lamulo ndi limodzi lokha, ndipo mwana alinene yekha mpaka lilowe m'mutu: timitengo tikakwana khumi timamangidwa kukhala mtolo umodzi, ndipo mitolo ikakwana khumi imamangidwa kukhala chimtolo chimodzi. Kamtengo kosamangidwa ndi wani, mtolo ndi teni, chimtolo ndi handiredi.

Chofunika n'chakuti mwanayo amange yekha. Mukamumangira mitolo usiku n'kumupatsa yomangidwa kale, iye amaona mtolo ngati chinthu chimodzi, mofanana ndi mmene amaonera kamtengo kamodzi. Koma akawerenga timitengo khumi ndi zala zake, n'kulimbana ndi mphira kuti igwire, amadziwa kuti m'kati mwa chinthu chimodzicho muli zinthu khumi. Mfundo yonse yagona pamenepa, kuti teni ndi chinthu chimodzi komanso nthawi yomweyo ndi zinthu khumi. Kwa munthu wamkulu zimenezi n'zosachita kufunsa, koma kwa mwana ndi phiri lalikulu ndithu. Kumanga chimtolo choyamba cha handiredi kumadya nthawi, ndipo nthawiyo siinatayike. Mwana amene wanyamula chimtolo m'dzanja limodzi ndi kamtengo m'dzanja linalo sangaiwale msanga kuti 1 wa mu 100 ndi 1 wa mu 21 n'zosiyana kutalitali.

Tsopano tengani pepala. Ligoneke cham'mbali, mulembe mizere iwiri yotsika kuti pakhale madanga atatu otakata oti mitolo ikwanemo. Danga la kumanzere ndi la mahandiredi, lapakati la mateni, la kumanja la mawani. Ili ndi pepala loyalapo mitolo. Mafunso alembedwe pa pepala lina kapena m'kope, ndipo pansi pa funso lililonse pakhale mzere umodzi kapena iwiri yopanda kanthu, yoti mwana alembepo mawu.

Gawo loyamba ndi lomanga nambala. Lembani manambala asanu okha, koma osankhidwa bwino: 34, 43, 130, 103 ndi 310. Mwana ayale mitolo ya nambala iliyonse, kenako alembe m'mawu zimene wayala. Pa 34 ndi 43 adzaona kuti zizindikiro n'zomwezo koma milu ya timitengo ndi yosiyana. Zitatu zotsalazo ndi za ziro. Pa 103 danga lapakati likhala lopanda kanthu, ndipo apa m'pofunsa kuti, "Nanga tikapanda kulemba 0 pakatipo, munthu amene sanaone mitoloyi awerenga chiyani?" Akayesa adzapeza 13, ndipo adzazindikira yekha kuti ziro ali ndi ntchito yosunga malo kuti 1 asasunthe kuchoka kwa mahandiredi.

Pa gawo lomweli onjezani funso limodzi losokoneza dala dongosolo: mawani 5, mahandiredi 2 ndi mateni 7 ndi nambala yanji? Wongokopera adzalemba 527. Womvetsa adzalemba 275. Funso limodzi limeneli limakuuzani zambiri kuposa tsamba lathunthu la mafunso olembedwa m'dongosolo lozolowereka. Muthanso kumutchulira nambala pakamwa kuti alembe. Mwana akamva handiredi ndi faifi n'kulemba 1005, ndiye kuti akulemba mawu monga akuwamvera, 100 payekha ndi 5 payekha. Mankhwala ake ndi timakadi titatu totalika mosiyana, ka 100, ka 20 ndi ka 5, tosanjikiza moti mbali za kumanja zifanane. Akaika ka 5 pamwamba pa ziro womaliza wa 100 amaona 105, ndipo akakachotsa amaona kuti handiredi ija ikadalipo kunsi kwake.

Apa chilankhulo chathu chimathandiza ngati tikufuna. Masiku ano ambiri timatchula manambala m'Chingerezi, ndipo mwana akamva fotini ndi fote, khutu lake silimuuza kuti teni ili pati. Koma akamva kuti khumi ndi zinayi, kenako makumi anayi, mawuwo akunena okha zimene zili pa pepala loyalapo mitolo. Sindikunena kuti ana asiye matchulidwe a kusukulu. Ndikunena kuti pamene mitolo ili pamphasa, ndi bwino kutchula nambala m'njira zonse ziwiri.

Nambala imodzi, mayalidwe ambiri

Gawo lachiwiri ndi limene mapepala ambiri amalidumpha, chonsecho ndiye mtima wa nkhani yonse. Mwana asanawonkhetse kapena kuchotsera kalikonse, aphunzire kusinthitsa pakokha. Muuzeni ayale 52, mitolo isanu ndi timitengo tiwiri. Kenako amasule mtolo umodzi, timitengo khumi totulukamo atiike ku danga la mawani. Tsopano ali ndi mitolo inayi ndi timitengo 12. Mufunseni kuti, "Timitengo tonse pamodzi tilipo tingati tsopano?" Musadabwe akayamba kuwerenganso kuyambira pa kamodzi, kapena akanena kuti tachuluka chifukwa mulu wa kumanja wakula. Musiyeni awerenge. Akapeza 52 kachiwiri, amasule mtolo wina, ndipo mufunsenso. Tsiku limene adzayankhe kuti, "Ndi 52 yomweyo, sitinachotsepo kanthu," osawerenganso, dziwani kuti mwala waukulu wagubuduzika.

Papepala gawoli lilembedwe ngati ziganizo zoti amalize. Choyamba: 52 ndi mateni 5 ndi mawani angati? Chachiwiri: 52 ndi mateni 4 ndi mawani angati? Chachitatu: 52 ndi mateni 3 ndi mawani angati? Mayankho ake ndi 2, 12 ndi 22. Pansi pake pakhale mzere woti alembe chimene wachita, ndipo mawu ake akhale apafupi monga awa: "Ndamasula teni imodzi, ndapeza mawani khumi. Mateni achepa ndi imodzi, mawani achuluka ndi khumi. Nambala sinasinthe." Mwana amene sanazolowere kulemba anene pakamwa, wamkulu amulembere. Kenako funso litembenuzidwe: mateni 3 ndi mawani 15 ndi nambala yanji? Wolemba 315 wangolumikiza zizindikiro. Woyankha 45 wamanga mtolo, kaya ndi manja kaya m'mutu.

Zomwezo zichitike ndi mahandiredi. 240 ndi mahandiredi 2 ndi mateni 4, komanso ndi handiredi imodzi ndi mateni 14, komanso ndi mateni 24. Funso lakuti mu 240 muli mateni angati lili ndi mayankho awiri olondola, kutengera chimene wofunsa akutanthauza: m'danga la mateni muli 4, koma mu nambala yonse muli mateni 24. Wolemba pepala anene momveka chimene akufuna, kuopa kulakwitsa mwana amene waganiza mozama kuposa funso.

Mwana aliyense amene anatumidwapo ku golosale amadziwa kusinthitsa ndalama. Mayi akamupatsa K1,000 kuti akasinthe, n'kubwera ndi ma K100 khumi, palibe amene walemera kapena kusauka. Ndalama ndi yomweyo, yangosintha maonekedwe kuti itheke kugawika. Kumasula mtolo n'chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimakonda kuti tizinena kuti kusinthitsa kapena kumasula, osati kubwereka. Ambiri tinaphunzira kunena kuti, "3 kuchotsera 7 sizingatheke, tibwereke 1." Koma wobwereka amabweza, ndipo m'samuyi palibe chobweza. Komanso chimene tatenga si 1, ndi teni yathunthu, ndipo sitinaitenge kwa munthu wina koma m'nambala yomweyo. Liping Ma, m'buku lake la 1999 loyerekeza aphunzitsi a masamu a ku China ndi a ku America, anaonetsa kuti ambiri mwa aphunzitsi a ku China amene anacheza nawo ankafotokoza samu yotere ngati kuphwanya teni kukhala mawani, pamene ambiri mwa a ku America ankangonena za kubwereka ngati lamulo loloweza. Mawu akuti kubwereka sadzatha m'makalasi mwathu, ndipo si mlandu kuwagwiritsa ntchito, bola mwana athe kuyankha akafunsidwa kuti wabwereka chiyani, kuti, ndipo chasanduka chiyani.

Kuwonkhetsa: 268 + 157

Gawo lachitatu likhale ndi masamu awiri kapena atatu owonkhetsa, oyamba a manambala ang'onoang'ono monga 27 + 15, kenako yaikulu imodzi. Titenge 268 + 157. Apa timitengo tayamba kuchuluka, choncho ndi nthawi yabwino yodula timapepala n'kulembapo 1, 10 ndi 100, ngati ndalama zoseweretsa. Koma samalani. Kapepala ka 100 n'kofanana kukula ndi kapepala ka 1, ndiye mtengo wake suoneka ndi maso monga umaonekera pa chimtolo. Timapepalati ndi ta mwana amene wamanga kale mitolo yokwanira. Njira ina yapakati ndi kudula pepala la m'kope la masamu la timabokosi: kabokosi kamodzi ndi wani, mzere wa timabokosi khumi ndi teni, ndipo bwalo la mizere khumi ndi handiredi.

Mwana ayale 268 pamwamba, 157 pansi pake. Ayambe ndi mawani: 8 ndi 7 ndi 15. Lamulo lija likuti akakwana khumi amangidwe, choncho amanga mtolo umodzi n'kuusamutsira ku danga la mateni, ndipo kumawani kwatsala 5. Polemba, 5 apite pansi pa mawani, ndipo ka 1 kakang'ono kalembedwe pamwamba pa mateni. Ana amati "ndasunga 1". Mufunseni kuti wasunga 1 wa chiyani. Yankho lofunika ndi lakuti ndi teni imodzi, mtolo umene wangomanga kumene. Kumateni tsopano kuli 6, 5 ndi watsopano uja, onse pamodzi 12. Mateni khumi amangidwa kukhala handiredi imodzi, kwatsala mateni 2. Kumahandiredi kuli 2, 1 ndi yatsopanoyo, zonse 4. Yankho ndi 425.

Mayankho olakwika a samuyi ali ndi nkhope zodziwika. Wolemba 31115 wawonkhetsa danga lililonse molondola, 3, 11 ndi 15, koma sadziwa kuti danga limodzi silisunga zoposa 9 m'nambala yolembedwa. Mwanayu amadziwa kuwonkhetsa, chimene sanamve ndi kumanga. Wolemba 315 amadziwa kuti m'danga mumalowa chizindikiro chimodzi, koma mitolo imene wamanga waitaya panjira. Mufunseni kuti 268 tikaionjezera handiredi yokha ikhala zingati. Akanena kuti 368, adzaona yekha kuti 315 yachepa. Wolemba 415 kapena 325 waiwala kusunga kamodzi kokha, ndipo kawirikawiri kumeneku ndi kufulumira chabe, osati kusamvetsa. Ana atatuwa safunika thandizo lofanana, ngakhale onse alandira chizindikiro chimodzi cholakwa.

Kuchotsera podutsa ziro

Gawo lomaliza ndi la kuchotsera, ndipo liyambe ndi samu yopanda ziro monga 52 − 17, imene mwana waikonzekera kale pamene anasandutsa 52 kukhala mateni 4 ndi mawani 12. Pochotsera pamayalidwa nambala yoyamba yokha. Ana ambiri amayala zonse ziwiri chifukwa anatero powonkhetsa, kenako amasokonezeka kuti achotse ziti. Nambala yachiwiri si mulu wina wa timitengo, ikungotiuza kuchuluka kwa zimene tichotse pa mulu woyamba.

Ikatero ifike samu ya 403 − 157. Pa pepala loyalapo pali zimitolo zinayi, danga la mateni lili mbee, ndipo kumawani kuli timitengo titatu. Tikufuna kuchotsa timitengo tisanu ndi tiwiri, koma tomasuka tilipo titatu tokha. Pewani kunena kuti sizingatheke, chifukwa timitengo tilipo tambirimbiri, tangokhala tomangidwa. Mwana ayang'ana kumateni kuti amasule mtolo, apeza kulibe. Musamuuze chochita msanga. Ambiri akakhala chete kwa kanthawi amatambasula okha dzanja n'kutenga chimtolo. Akachimasula mutuluka mitolo khumi, osati timitengo khumi, ndipo mitoloyo malo ake ndi kumateni. Tsopano pali mahandiredi 3, mateni 10 ndi mawani 3. Aime pamenepo, anene nambala imene ilipo. Ikadali 403.

Kenako amasule mtolo umodzi mwa khumi ija. Patsala mateni 9, ndipo mawani akwera kufika 13. Aimenso, awonkhetse: 300 ndi 90 ndi 13, zonse 403. Apa m'pamene 9 uja amachokera, amene ambiri tinangouzidwa kuti ziro amasanduka 9 popanda kutiuza chifukwa. Ziro sasanduka 9. Amayamba wakhala 10 chimtolo chitamasulidwa, kenako n'kutsika kufika 9 mtolo umodzi utamasulidwanso. Zotsalazo n'zosavuta: 13 kuchotsa 7 kutsala 6, mateni 9 kuchotsa 5 kutsala 4, mahandiredi 3 kuchotsa 1 kutsala 2. Yankho ndi 246.

Kulemba kuyende limodzi ndi manja. Chimtolo chikamasulidwa, nthawi yomweyo 4 adulidwe ndi kamzere, pamwamba palembedwe 3, ndipo pamwamba pa 0 palembedwe 10. Mtolo ukamasulidwa, 10 adulidwe, palembedwe 9, ndipo 3 wa kumawani akhale 13. Vuto limene limachitika kawirikawiri n'lakuti mwana amachita samu yonse ndi mitolo n'kupeza 246, kenako amaika mitolo pambali, amatenga pensulo n'kupeza yankho lina, osaona kuti pali chotsutsana. Kwa iye mitolo ndi masewera, samu yeniyeni ndi ya pensulo. Zimenezi zimatha pokhapokha ngati kusuntha kulikonse kwa dzanja kuli ndi chizindikiro chake papepala pa mphindi yomweyo. Ana akakhala awiriawiri zimayenda bwino: wina amasule n'kumanena, mnzake azilemba, kenako asinthane. M'kalasi ya ana ochuluka, momwe mphunzitsi sangafike pa aliyense, gulu limodzi likhoza kugawana mulu umodzi wa mitolo, bola aliyense alembe mawu ake m'kope lake.

M'zaka za m'ma 1970, John Seely Brown ndi Richard Burton anasanthula mayankho a ana ambirimbiri pa masamu ochotsera, ndipo anaonetsa kuti zolakwa zambiri sizichitika mwangozi, koma zimatsata njira yokhazikika imene mwana wadzipangira. Samu yathuyi imazionetsa bwino. Kupatula 354 wa mwana wochotsa yaing'ono pa yaikulu, pali 346. Ameneyu waloweza kuti ziro amasanduka 9, ndipo wachitadi zimenezo, koma 4 wa kumahandiredi wamusiya osamukhudza. Wadzipatsa handiredi yaulere, n'chifukwa chake yankho lake laposa lolondola ndi 100 ndendende. Palinso 256. Uyu wachepetsa mahandiredi kukhala 3, waika 10 kumateni ndi 13 kumawani, koma waiwala kuti teni ya kumawaniyo yachokera mwa mateni khumi aja. Yankho lake laposa ndi 10. Kholo likaona yankho lolakwika, lichotsere yankho lolondola pa lolakwikalo. Kusiyana kukakhala 10 kapena 100, vuto lili pa kusinthitsa. Kukakhala 1 kapena 2, mwina mwanayo wangophonya powerenga zala.

Pansi pa samu iliyonse yochotsera pakhale mizere iwiri. Woyamba ndi wofotokoza m'mawu, ndipo wa 403 − 157 ungamveke motere: "Mawani anali 3, sanakwane kuchotsapo 7. Kumateni kunalibe kanthu. Ndamasula handiredi imodzi, ndapeza mateni 10. Ndamasula teni imodzi, ndapeza mawani 10. Tsopano 403 ndi mahandiredi 3, mateni 9 ndi mawani 13." Musamupatse mwana chiganizochi kuti aloweze, chifukwa chidzangokhala nyimbo ina yopanda tanthauzo. Mawu ake akhale akeake, ngakhale opotoka, bola anene chimene chamasulidwa ndi chimene chatulukamo. Mzere wachiwiri ndi wotsimikizira: awonkhetse yankho lake ndi nambala imene anachotsa. 246 + 157 ibweretsa 403. Wa 346 apeza 503, wa 256 apeza 413, ndipo aliyense adzionera yekha kuti china chake chalakwika wamkulu asananene.

Pepala lonseli si la tsiku limodzi. Gawo lililonse lingatenge masiku angapo, mphindi 15 kapena 20 pa tsiku, ndipo gawo losinthitsa pakokha ndi loyenera kulibwerera kawirikawiri ndi manambala ena. Mitolo nayo ili ndi polekezera. Mwana akayamba kunena zimene zichitike asanagwire mtolo, musiyeni azingojambula: kabokosi kuimira handiredi, kamzere kuimira teni, kadontho kuimira wani. Akazoloweranso pamenepo, atsale ndi manambala okha, mitolo izitulutsidwa pokhapokha wakakamira. Kumuumiriza kumasula mitolo pa samu imene akutha kuichita m'mutu kumangomutopetsa.

Kuti mudziwe ngati wafikadi, funso lomaliza papepala lisakhale samu yoti apeze yankho. Lembani samu yochitidwa kale molakwika, monga 605 − 238 = 467, n'kumuuza kuti mwana wina wa kusukulu ina anapeza zimenezi, ndiye iye afufuze pamene mnzakeyo anasochera ndi kumufotokozera mokoma. Yankho lolondola ndi 367. Mwana wongodziwa ndondomeko adzaichitanso samuyo n'kunena kuti mnzakeyo walakwa, basi. Amene wamvetsa adzaloza 6 wa kumahandiredi n'kunena kuti mnzakeyo anagwiritsa ntchito mateni 9 ndi mawani 15, koma chimtolo chimene anamasula anachiwerengeranso ngati chikadali chomangidwa.